A5, 5 x 8 kapena 6 x 9: kusankha saizi, majini ndi fonti ya buku loti munthu awerenge osatopa

Buku langa loyamba ndinapulintitsa pa shopu ina mutauni, saizi A5, majini, malo opanda mawu a m'mbali mwa peji, ndinangoika mamilimita 15 mbali zonse chifukwa pa sikirini zimaoneka bwinobwino. Litabwera lomata ndi guluu, mawu oyambirira a mzere uliwonse pa peji ya kumanja anali atamira mu msana wa buku, ndiye azakhali anga pofuna kuona zomwe zalembedwa mkatimo analikanikiza ndi zala mpaka linachita kulira kuti thwa, mawa lake mapepala anayi anali atathothoka. A shopu sanalakwe ayi, iwo anapulinta zomwe ndinawapatsa.

Ndiye musanafunse kuti saizi yabwino ndi iti, dziwani kaye zomwe mukuyeza.

Choyamba ndi kuchuluka kwa zilembo pa mzere umodzi, kuwerengera ndi mipata yomwe. Odziwa ntchitoyi amati zikhale pakati pa 45 ndi 75, koma pa Chichewa ine ndimafuna 55 mpaka 70. Mzere ukatalika kwambiri diso limasokera pobwerera kumanzere, munthu amawerenganso mzere womwewo kapena kudumpha umodzi. Ukafupika, mawu athu aatali ngati "ndikadzakuonaninso" sakwana kumapeto, amagwera pa mzere wotsatira nkusiya mipata yaikulu ngati mano ogweluka. Chachiwiri ndi mpata wa pakati pa mizere: fonti ya mapointi 11 imafuna mizere yotalikirana mapointi 14 kapena 15. Chachitatu, buku litseguke popanda kulimbana nalo, komanso chala chachikulu chipeze pogwira osaphimba mawu. Zitatuzi zimakokana, mukasintha chimodzi zinazo zimasuntha, ndipo zonse zimakathera pa chiwerengero cha mapeji, komwe ndi kumene kuli ndalama. Njira iliyonse ndiiyeza pa mtengo, kupezeka, kusamalira kwake ndi zoopsa zake.

Tigwiritse ntchito buku limodzi poyerekeza. Tinene kuti muli ndi nthano yaitali ya mawu 45,000, ndipo mukatsegula `Word Count` mu Word, pa `Characters (with spaces)` pakuonetsa 320,000. Werengerani zilembozi, osati mawu. Masamu omwe mumapeza oti peji imalowa mawu akutiakuti anapangidwira Chingerezi, ife mawu athu ndi aatali ndiye akunamizani. Muchulukitse zilembo za pa mzere ndi mizere ya pa peji, mugawe 320,000 ndi yankholo, kenako muwonjezere gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa cha mizere yosadzadza ya pokambirana, poyambira mitu ndi mapeji akumayambiriro. Fonti tiike ya 11, mizere 14, kutanthauza kuti mzere uliwonse ukudya pafupifupi mamilimita 5.

A5, mamilimita 148 ndi 210

Ndi majini 20 mkati, 16 kunja, 18 pamwamba ndi 22 pansi, mawu amatsala ndi malo a 112 m'lifupi ndi 170 m'litali. Pamenepo pamalowa zilembo pafupifupi 65 pa mzere ndi mizere 34, ndiye buku lathu lija lituluka mapeji ngati 176.

Mtengo: Ngati mukupulintitsa ku Malawi kuno pa makina a dijito, iyi ndiye yotchipa, ndipo chifukwa chake ndi pepala. Makinawa amadya mashiti a A3 kapena SRA3, yomwe ndi mamilimita 320 ndi 450, ndipo pa shiti imodzi pamakwana ma A5 anayi mbali iliyonse, mapeji 8 kutsogolo ndi kumbuyo. Mapeji 176 ndi mashiti 22 basi.

Kupezeka: Paliponse, ngakhale pa shopu ya fotokope. Mukatchula A5 palibe yemwe angafunsenso kawiri.

Kusamalira: Ntchito yochepa. Mukafuna kuyesa mumangopulinta mapeji awiri pa A4 imodzi kunyumba nkudula pakati, mwaona kale saizi yeniyeni.

Zoopsa zake: Pali ziwiri, ndipo yachiwiriyi anthu ambiri saidziwa. Yoyamba, akapulinta pa A4 kapena A3 yeniyeni, akamata amayenera kusetetsa m'mbali zitatu ndi makina odulira kuti mapepala afanane, ndiye buku limachepa ndi mamilimita angapo, ndipo amachoka pa majini anu akunja, apamwamba ndi apansi. Funsani kuti likadulidwa litsala saizi yanji. Yachiwiri ndi ulusi wa pepala. Pepala lili ndi komwe ulusi wake unalowera, monga nsungwi, ndipo ulusiwo umayenera kuyenda motsatira msana wa buku, kuchokera pamwamba kutsika pansi. A4 ya mu rimu wamba nthawi zambiri ulusi wake umatsatira mbali yaitali, ndiye mukaidula pakati kupanga A5 ulusi umakhala chopingasa. Buku lotere limakhala louma, ukalitsegula limadzitsekera lokha ngati msampha wa mbewa, ndipo nthawi ya mvula mapepala amachita mafunde pafupi ndi msana. Kuyesa kwake nkosavuta: tengani pepala limodzi, lipindeni pang'ono osalithyola, mbali iyi kenako mbali inayo. Komwe likugonja mosavuta, mzere wa kupindako ndi womwe ulusi ukutsata. Pemphani shiti imodzi pa shopupo muyese musanalipire.

5 x 8, mamilimita 127 ndi 203

Iyi ndi saizi ya mainchesi, ya ku Amereka. Ku Britain mabuku ambiri a nthano amatuluka pa 129 ndi 198, yomwe ndi mbale wake, ndiye zomwe ndikunena apa zikukhudza zonse ziwiri. Majini 18 mkati, 14 kunja, 17 pamwamba, 21 pansi. Mzere umatsala mamilimita 95, zilembo ngati 55, mizere 33. Buku lija lafika mapeji ngati 212.

Mtengo: Pa SRA3 pamakwanabe anayi okha, malo otsalawo amangodulidwa nkutayidwa, ndiye ndi mashiti 27 m'malo mwa 22. Pa Amazon KDP, njira ya Amazon yopulintira ndi kugulitsira mabuku a anthu odzisindikizira okha, komwe amalipiritsa ndalama yokhazikika kuphatikizapo ya peji iliyonse, iyi ndiye yodula pa zitatuzi chifukwa mapeji ndi ambiri.

Kupezeka: Pa KDP ili pa mndandanda wa masaizi awo. Kuno angathe kukudulirani, koma alembereni mamilimita papepala, musangonena pakamwa kuti faifi bai eyiti.

Kusamalira: Apa ndiye pali thukuta ngati bukulo ndi la Chichewa. Zilembo 55 ndi malire enieni, ndipo mukasankha kuti mizere ifanane mbali zonse ziwiri, peji iliyonse mupezamo mizere iwiri itatu yotayana. Mankhwala ake ndi kudula mawu kumapeto kwa mzere, koma Word alibe malamulo odulira mawu a Chichewa, mukayatsa `Hyphenation` amagwiritsa ntchito a Chingerezi nkukupatsani zinthu ngati "anakum-bukira" pomwe ife timadula "anaku-mbukira", poti maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu ndipo mb, nd, nkh, ng' sizisiyanitsidwa. Ndiye muzimitse, muzidula nokha pamanja ndi `Ctrl` ndi `-`, kamzere komwe kamaoneka pokhapokha mawuwo akagwera kumapeto kwa mzere. Mukataipa kamzere wamba, tsiku lomwe mudzakonze chiganizo chimodzi pamwamba, mawu onse asuntha ndipo timizere tija tidzapezeka pakati pa mzere.

Zoopsa zake: Chiyeso chochepetsa fonti kapena majini kuti mapeji atsike. Mukayamba zimenezo ubwino wonse wa saiziyi watha. Koma kunena zoona m'manja iyi ndiye yokoma kuposa zonse, imagwirika ndi dzanja limodzi mu minibasi, imalowa mu kachikwama, ndipo buku la mawu ochepa limaoneka lonenepa bwino.

6 x 9, mamilimita 152 ndi 229

Anthu amaiona ngati yaikulu kwambiri, koma m'lifupi imangoposa A5 ndi mamilimita 4. Kusiyana kwenikweni kuli m'litali, 19. Ndi majini omwe aja a A5 mupeza zilembo ngati 67 ndi mizere 38, mapeji ngati 152.

Mtengo: Apa ndi pomwe anthu amagwa. Mapeji ndi ochepa, ndiye ukuganiza kuti zitchipa. Pa KDP zimatchipadi, chifukwa 6 x 9 amaiwerengera mu gulu limodzi ndi 5 x 8, mtengo wa peji ndi womwewo, umakwera pokhapokha buku likaposa mainchesi 9 m'litali kapena 6.12 m'lifupi. Koma pa SRA3 tayesani kuika awiri motsatizana: 229 kuphatikiza 229 ndi 458, shiti ndi 450. Zalephera ndi mamilimita 8 okha, ndiye pamakwana awiri m'malo mwa anayi. Mapeji 152 akufuna mashiti 38. Buku lomwelo, mawu omwewo, A5 mashiti 22, iyi 38. Makina aakulu osindikizira mabuku masauzande ali ndi mashiti ena ndi masamu ena, ndiye ngati mukupita kumeneko pemphani kotesheni ya masaizi awiri muone nokha.

Kupezeka: Kunja ili ponseponse. Kumbukirani kuti mabuku a KDP amapulintidwa kunja, monga ku Amereka ndi ku Ulaya, ndiye kwa wolemba amene ali ku Lilongwe ndalama yomwe wapulumutsa pa mapeji imathera pa kutumiza makope.

Kusamalira: Kosavuta, mzere wa zilembo 67 umameza mawu aatali popanda kudula kwambiri.

Zoopsa zake: Peji yaitali yodzadza imaoneka ngati khoma, ndipo poti malo alipo anthu amafinya majini nkufikitsa mzere pa zilembo 80. Buku la mapeji osakwana 100 pa saiziyi limakhala lopyapyala ngati kabuku ka malangizo a feteleza.

Nkhani ya majini

Majini si njira zingapo zoti musankhe imodzi, ndi funso loti buku lanu ndi lonenepa bwanji ndipo lamatidwa bwanji. KDP ili ndi malire ochepetsetsa a mkati: mamilimita 9.6 pa mapeji 24 mpaka 150, kenako 12.7 pa 151 mpaka 300, ndi 15.9 pa 301 mpaka 500, pomwe kunja amalola mpaka 6.4. Koma manambala awa ndi oti fayilo yanu isakanidwe, si oti munthu awerenge bwino. Buku lomata ndi guluu silitseguka kuti phwamwamwa, mamilimita angapo a mkati amabisika mu kupindika, ndiye pa mapeji 150 mpaka 250 ine sinditsika pa 18 mpaka 20, likapitirira 300 ndimaika 22. Kunja 14 mpaka 16 kuti chala chikhale ndi pokhala. Pansi pazikhala pokulirapo kuposa pamwamba, apo ayi mawu amaoneka ngati akutsetsereka kugwa pa peji, komanso nambala ya peji imafuna malo ake.

Mu Word pitani pa `Layout`, `Margins`, `Custom Margins`, ndipo pa `Multiple pages` musankhe `Mirror margins` kuti mupeze `Inside` ndi `Outside`. Bokosi la `Gutter` limawonjezera pa `Inside`, ndiye mukaika 20 uku ndi 10 uko mwapanga 30 osadziwa. Lisiyeni pa 0.

Njira yachidule: tengani buku la saizi ndi kunenepa kofanana lomwe mumaliwerenga mosavutika, ikani rula muyeze, pa mkati muwonjezere mamilimita atatu kapena anayi omwe rula sikuwafikira.

Mafonti atatu

Musanakonde fonti iliyonse taipani mzere uwu: Malaŵi, ng'ombe, m'mudzi, Ŵ. Muuone woongoka, wopendeketsa ndi wokhuthala. Fonti ikakhala yopanda ŵ, Word sakuuzani, amangobwereka lembolo ku fonti ina, ndipo papepala limaoneka lachilendo pakati pa anzake. Ngakhale inu simulemba ŵ, dzina la munthu kapena mawu a Chitumbuka angalowe m'buku.

Times New Roman. Mtengo: ilipo kale mu kompyuta. Kupezeka: shopu iliyonse ili nayo, ndiye ngakhale atsegule fayilo yanu ya Word sizisokonekera kwambiri, ndipo ŵ alimo. Kusamalira: palibe, kupatula kuipatsa mpata, 11 pa 14. Zoopsa zake: inapangidwira nyuzipepala ya The Times ya ku London mu 1932, ya madanga opapatiza, ndiye zilembo zake ndi zopanikizana ndipo pa mzere wautali zimatopetsa. Komanso buku limaoneka ngati lipoti la ku ofesi, ngakhale owerenga ambiri zimenezo alibe nazo ntchito.

EB Garamond. Mtengo: yaulere, laisensi yake imalola kugulitsa mabuku. Kupezeka: muyenera kuidawunilodi, pa shopu simukaipeza. Kusamalira: tumizani PDF yokha basi. Zoopsa zake: zilembo zake zing'onozing'ono ndi zazifupi, 11 yake imaoneka ngati 10 ya ena, ndiye muike 11.5 kapena 12, ndipo mukatero zoti imapulumutsa mapeji zija zimachepa. Mizere yake ndi yopyapyala, pa makina omwe tona ikutha imatuluka yotuwa. Ikapulintidwa bwino pa pepala la kirimu ndi yokongola zedi, ndimaikonda pa ndakatulo.

Charis SIL, yomwe mwina muipeza ikungolembedwa Charis. Mtengo: yaulerenso. Inapangidwa ndi bungwe la SIL kuti izitha kulemba zilankhulo zambiri zokhala ndi zizindikiro pamwamba pa zilembo, ndipo inachokera ku fonti ya Charter yomwe Matthew Carter anajambula mu 1987 kuti izituluka bwino pa mapulinta osalongosoka kwenikweni. Kupezeka: kudawunilodi. Kusamalira: mu Word mukaisiya pa `Single` mizere imatalikirana kwambiri, ndiye pa `Line spacing` musankhe `Exactly` nkulemba 14. Zoopsa zake: ndi yotambalala, pa 11 imadya malo ndipo mapeji amakwera, pa 5 x 8 imakutsitsani pansi pa zilembo 55 zija. Pa 10.5 imawerengekabe bwino chifukwa zilembo zake ndi zazitali ndi zolimba. Munthu wowerenga ndi tochi ya foni magetsi atazima, iyi ndi imene ingamuchitire chifundo.

Fonti iliyonse yomwe mwasankha, posunga PDF onetsetsani kuti yalowa mu fayilo momwemo. Mu Adobe Acrobat Reader tsegulani `Properties`, kenako `Fonts`, pa dzina lililonse pazioneka mawu oti `Embedded`. Ndipo uzani wa pa shopu kuti apulinte pa `Actual size`, chifukwa akadina `Fit` 11 yanu ija isanduka saizi ina.

Pepala nalo lili ndi mbali yake. La magalamu 80 loyera la fotokope limathobwa m'maso padzuwa ndipo fonti yopyapyala imazimirira, la kirimu limapumitsa maso koma silipezeka paliponse. Likapepuka kuposa 70 mawu a kuseri amaonekera. Pemphani kope imodzi yomata kale musanalamule 200, muipatse munthu wamkulu kuposa inu awerenge mapeji khumi, muone ngati akulikanikiza pakati kapena kuliyandikitsa kumaso.

Ndiye ndani atenge chiyani

Ngati mukupulintitsa kuno makope ochepa oti mugulitse nokha ku tchalitchi, ku sukulu kapena pa mwambo wokhazikitsa buku, tengani A5, majini 20, 16, 18, 22, Charis pa 10.5 kapena Times pa 11, ndipo limbanani ndi nkhani ya ulusi wa pepala ija. Ngati muli ku Britain kapena kwina kunja ndipo ogula anu adzaoda pa Amazon, buku lalitali loposa mawu 70,000, mbiri ya moyo wa munthu kapena buku la maphunziro lokhala ndi matebulo lipite pa 6 x 9, majini akunja muwakulitse mpaka 18 kuti mzere usapitirire 70. Nthano yaifupi ya mawu 30,000 kutsika pansi imakhala bwino pa 5 x 8, bola muli ndi mtima wodula mawu pamanja, apo ayi siyani mbali ya kumanja ikhale yosafanana, si tchimo. Ndakatulo yambani mwayeza mzere wanu wautali kwambiri, saizi ikhale yoti mzerewo usathyoke, nthawi zambiri A5 ndi EB Garamond pa 12 zimakwana. Buku la agogo kapena la anthu ongophunzira kumene kuwerenga, A5 kapena 6 x 9, Charis pa 13 kapena 14, mizere yotalikirana 18, osadula mawu ngakhale amodzi, mapeji achuluke momwe angachulukire.

Ndipo ngati mukufuna zonse ziwiri, kugulitsa kuno komanso pa Amazon, musavutike ndi mafayilo awiri. KDP imalola kulemba saizi yanu, ikani mainchesi 5.83 ndi 8.27, yomwe ndi A5, kuti mukadzapeza cholakwika pa peji 93 mudzakonze malo amodzi.